Nambala ya Verónica

Nyumba ya Valentim sikanatha kusenza ana awiri a kusekondale chaka chachiwiri. Iye ankadziwa, mkazi wake Cecília ankadziwa, ndipo mapasa awo, Arcanjo ndi Verónica, ankadziwa osauzidwa. Mbatatesi zinapsa ndi chiwawu, nkhokwe inayamba kulira mphepo mvula isanagwe, ndipo njinga imene Valentim ankanyamulira katundu wa anthu pachipata cha Kalomwe, m'malire ndi Malawi, sinkabweretsanso zooneka. Sukulu inali kutali ndi mudzi wawo wa kuseri kwa Lifidzi, motero anawo ankagona m'kachipinda kobwereka pafupi ndi sukuluyo, ufa ndi nyemba n'kumachokera kumudzi. Mmodzi anayenera kutsala, ndipo bambo wawo analonjeza kuti sadzakondera: adzasankha ndi kaderneta, kabuku kamene aphunzitsi amalembamo zotsatira za mwana.

Tsiku la msonkhano wa makolo, mu Disembala, Valentim anafika mochedwa, matope ali m'maondo. Zolankhula zinali zitatha. Anapeza mzere wa makolo patebulo la mphunzitsi wa kalasi ya anawo, aliyense akuona kaderneta ya mwana wake, kusaina, n'kuibweza. Mphunzitsiyo anali mtsikana wochokera kummwera, wongolankhula Chipwitikizi, ndipo Chipwitikizi cha Valentim chinali cha pamsika, chokwana kukanganirana mtengo wa thumba koma osati kufunsira za maphunziro pamaso pa anthu. Anatulutsa foni yake yosweka galasi, najambula makaderneta onse awiri, nasaina, n'kutuluka mutu uli m'mwamba ngati munthu amene wamva zonse.

Si kuti Valentim anali mbuli. Nthawi ya nkhondo makolo ake anathawira ku Dedza, ndipo kumeneko anaphunzira mpaka sitandade 5. Sukulu imene inakhala m'mutu mwake inali imeneyo. Tsiku lotsekera ana ankakhala pansi pabwalo, ahedi n'kumaitana mayina kuyambira nambala wani kutsika mmunsi, ndipo amene wamva dzina lake kumapeto ankapita kwawo akulira. Iyeyo anakhalapo nambala 2 kamodzi, ndipo nkhani imeneyi anzake a njinga anaimva mpaka kutopa nayo. Kwa Valentim nambala yaing'ono inali ulemu, yaikulu manyazi. Panalibe munthu akanamuuza zina.

Ndiye atafika kumudzi madzulo a tsikulo, anakhala pakhonde n'kukulitsa zithunzi zija ndi zala. Pamwamba pa kaderneta ya Arcanjo, pambali pa dzina, panalembedwa nambala 4. Mmunsimu munali mizere ya maphunziro, ndipo manambala ake anali okoma m'maso: 6, 7, 5, 8, ambiri olembedwa ndi inki yofiira ngati kuti mphunzitsi anafuna kuti aonekere patali. Ya Verónica inali ndi 58 pamwamba, ndipo mmunsi 17, 18, 16, 19. Valentim anawerenga monga anaphunzirira: mnyamata ndi wachinayi m'kalasi monse, wachisanu ndi chimodzi pa masamu, mtsikana ali kumchira m'kalasi ya ana 61, anthu atatu okha ali kumbuyo kwake. Mawu a Chipwitikizi olembedwa pamanja pansi pake sanavutike nawo.

Anapha tambala. Anaitana Arcanjo kuti akhale pambali pake, namutcha mwana wotengera bambo ake. Mnyamatayo anadya maso ali pansi, ndipo Valentim anati limenelo ndi khalidwe la anthu anzeru. Verónica anagwada pakhomo nayamba kunena kuti manambalawo sawerengedwa choncho, koma bambo ake anamudula ndi dzanja. Anamuuza, mosakalipa n'komwe, kuti kulephera si mlandu koma kunama ndi mlandu, ndipo kuti iye anaona sukulu mtsikanayo asanabadwe. Verónica anayang'ana mlongo wake, n'kupita kukatsuka mbale. Cecília sankatha kuwerenga, choncho anakhulupirira mwamuna wake ngakhale mtima unkamuwawa.

Zotsala zinayenda msanga, monga zimachitira zinthu zoipa. Mayi wina wogula nyemba m'midzi, dzina lake Rufina, ankafuna mtsikana wokamulerera mwana ku Tete. Anagwirizana kuti Lachinayi m'mawa adzamutenga Verónica kupita naye ku Ulongwe, kumene akakwere shapa, minibasi ya ku Tete. Valentim sanafune kuona mwana wake akunyamuka. Lachitatu anakwera njinga kubwerera ku Kalomwe, akudziuza kuti wachita chilungamo.

Lachinayilo kunacha ndi mvula yowaza. Pachipata panali phokoso la masiku onse, malole ali mndandanda, osintha ndalama akukupiza mitolo yawo, anyamata a njinga akulimbirana aliyense wotsika ndi katundu. Valentim anapeza mayi wachikulire wa magalasi amene anali ndi matumba awiri a feteleza ochokera ku Dedza. Anali mayi Lucrécia, amene anaphunzitsa ku Fonte Boa zaka zambiri asanapume. Anawamangirira matumbawo n'kuwakankhira mpaka pamalo oimira magalimoto a ku Ulongwe. Mvula itakula anabisala onse pakhonde la sitolo, ndipo poti chimwemwe sichikhala m'thumba, Valentim anatulutsa foni. Anati popeza iwo ndi aphunzitsi, aone chimene mwana wa munthu wa njinga wachita.

Mayi Lucrécia anapukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje, nayang'ana chithunzi cha Arcanjo nthawi yaitali. Anafunsa ngati pali munthu anamufotokozera kale zimenezi. Valentim anaseka, nati nambala 4 siifuna womasulira. Kenaka anawaonetsa cha Verónica, mawu atatsika, n'kuwauza zonse: za nkhokwe, za kusankha, za Rufina ndi ulendo wa ku Tete. Mayiwo sanaseke ndipo sanamudzudzule. Anasendeza kabenchi namuuza kuti akhale pansi.

Anayamba ndi nambala ya pamwamba. Anati kuno ana a m'kalasi imodzi amalembedwa m'buku motsata zilembo za mayina awo, kuyambira A mpaka Z, ndipo aliyense amapatsidwa nambala ya malo amene dzina lake lagwera. Nambalayo amapatsidwa chaka chikamayamba, asanalembe mayeso ndi amodzi omwe. Ndi imene mphunzitsi amaitana m'mawa kuti adziwe amene wabwera ndi amene wajomba. Arcanjo ndi 4 chifukwa patsogolo pake pali ana atatu a mayina ngati Abel kapena Antónia. Verónica ndi 58 chifukwa V ali kumapeto.

"Nambala imeneyi sanawapatse ndi aphunzitsi, bambo," anatero mayi Lucrécia. "Munawapatsa ndinu, tsiku la ubatizo. Inunso a Valentim mukanakhala m'kalasi imeneyi mukanakhala kumchira komweko."

Valentim anayesa kumwetulira koma milomo inakana. Analoza manambala a mmunsi, 6 ndi 7 aja, nati nanga awa, si malo a mwana pa phunziro lililonse? Mayiwo anapukusa mutu. Anati amenewo ndi manota, malikisi a mwana, ndipo m'dziko muno amawerengera pa 20, osati pa 100 monga ku Malawi. Wapeza 20 wakhoza zonse. Malire ndi 10: kuyambira 10 kukwera mwana wakhoza, kutsika pamenepo walephera, ndipo nota yolephera imatchedwa negativa. Inki yofiira si ulemu. Ndi imene aphunzitsi amalembera manegativa kuti kholo, ngakhale losadziwa kuwerenga, lione kuti pali moto.

Anamuyendetsa mzere ndi mzere, chala chawo chili pagalasi losweka lija. Mizati itatu yoyamba inali zigawo zitatu za chaka, ndipo wachinayi unali mediya, pakatikati pa zitatuzo. Pa masamu Arcanjo anayamba ndi 10, kenaka 5, kenaka 3, ndiye mediya yake inali 6. Pa Chipwitikizi anayamba ndi 11, kenaka 6, kenaka 4, mediya 7. Paliponse zinali chimodzimodzi, chiyambi chabwino kenaka kugwa. Pansi penipeni panali mawu awiri, "Não transita", ndipo mayiwo anati tanthauzo lake n'lakuti mwana sapita kalasi ya patsogolo, ayenera kubwereza.

Mvula inkalira pamalata. Valentim anachita manyazi, manyazi enieni a munthu wamkulu, pokumbukira tambala uja ndi anzake onse amene anawaonetsa chithunzicho. Safunsa anadya phula, ndipo iye anadya lambiri pamaso pa ana ake. Pambuyo pa manyazi panabwera mkwiyo. Anati mnyamatayo ndi mbala, wadya nyama ya bodza ali phee, ndipo akafika kumudzi amuona.

Mayi Lucrécia anamuuza kuti asathamange, poti sanamalize. Anatsegula chithunzi cha Verónica. Masamu 18, Chipwitikizi 17, phunziro la zamoyo 19, Chingerezi 16, ndipo panalibe nota ndi imodzi yomwe yotsika pa 15. Anati pa zaka zonse zimene anagwira choko, makaderneta otere sanaone ambiri. Anafotokoza kuti pa kaderneta iyi palibe mzere wolembapo malo a mwana m'kalasi monga zimakhalira ku Malawi, koma mphunzitsi akafuna amalemba yekha m'bokosi la ndemanga. Anawerenga ndemangayo m'Chipwitikizi, kenaka anaimasulira pang'onopang'ono: woyamba m'kalasi mwa ana 61, wakhama, wothandiza anzake, kholo lichite chilichonse kuti mwanayu asasiye sukulu.

Valentim anagwira pakamwa. Nambala wani imene anaifunafuna moyo wake wonse inali m'nyumba mwake, ndipo anaiuza kuti isaname.

Anafuna kudzuka, koma mayiwo anamugwira pamkono n'kubwerera ku chithunzi cha Arcanjo. Anati pali mzere wina, wa mafalta, ndiko kuti maphunziro amene mwana wajomba. M'chigawo choyamba munalibe. M'chigawo chachiwiri ndi chachitatu munadzaza. Ndemanga ya mphunzitsi inali yaitali, zilembo zothithikana kuti zikwane m'bokosi, ndipo mayi Lucrécia anaiwerenga kawiri chamumtima asanatsegule pakamwa.

"Akuti ndi mwana waulemu ndipo mutu ali nawo, koma amajomba kwambiri. Atamufunsa anati amapita kukakweza matumba m'malole kumsika kuti iye ndi mlongo wake adye, chifukwa chakudya chimatha mwezi usanathe. Akuti anaitanitsa kholo kawiri kudzera mwa mwanayo, koma silinabwere."

Uthenga umenewo sunafike kwa Valentim, ndipo sanafunikire kuuzidwa chifukwa chake. Anakumbukira mwezi wa Juni, pamene anayamba kutumiza ufa wa theka la thumba m'malo mwa thumba lathunthu, akudziuza kuti ana a sukulu sadya kwambiri poti sagwira khasu. Anakumbukira kuti akawafunsa pafoni ngati zinthu zili bwino, amene ankayankha nthawi zonse anali Arcanjo, ndipo yankho linali lakuti zili bwino. Pa tchuthi anaona zikhatho za mnyamatayo zitachita zikang'a, iye n'kumuseka kuti kodi cholembera chimalemera choncho. Mkwiyo uja unazima. Chimene chinatsala chinali chisoni cholemera, ndipo analira pakhonde la sitolo, anyamata a njinga akuyang'ana kumbali kuti asamuchititse manyazi.

Mayi Lucrécia anamusiya pang'ono, kenaka anamufunsa nthawi imene mtsikanayo amanyamuka. Anamukumbutsa kuti shapa ya ku Tete sichoka isanadzaze, ndipo tsiku la mvula anthu amachedwa. Anamuuzanso kuti malo a Verónica kusukulu akadalipo bola kholo lipite kukatsimikiza dzina lake nthawi yolembetsa isanathe, koma mwana akapita ku Tete n'kuzolowera kulera ana a eni, kawirikawiri sabwerera m'kalasi. Iwo anaona ambiri.

Valentim anaimbira Cecília. Mkazi wake anati Rufina ndi Verónica ananyamuka kalekale, tambala atangolira kachiwiri, ndipo mwanayo sanalire, anangopempha kutenga makope ake akale. Arcanjo anawaperekeza mpaka kumsewu atasenza chikwama, ndipo chibwerereni sanalowe m'nyumba, ali kudimba. Valentim anadula foni n'kuimbira Rufina.

Rufina anayankha mokwiya, phokoso la pasiteji lili kumbuyo kwake. Anati ali m'shapa ku Ulongwe, yatsala pang'ono kudzaza, ndipo ngati ndi zotsanzikana anayenera kuchita dzulo. Valentim atanena kuti mwanayo sapitanso, mayiyo anayamba kuwerengera mavuto ake onse, kuti anthu a kumudzi ndi osadalirika, kuti wasiya atsikana ena chifukwa cha ameneyu. Valentim anavomera zonse, napepesa, napempha kuti amupatse mwana wake foni.

"Ababa," anatero Verónica.

Valentim anali atakonza mawu, koma onse anathawa. Anangoyamba kunena zimene anamva, ngati mwana wobwereza phunziro: kuti 58 ndi ya dzina, kuti manota amawerengera pa 20, kuti iye ndi woyamba mwa ana 61. Mtsikanayo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa amene wawauza. Bambo ake anati ndi aphunzitsi ena opuma a ku Fonte Boa.

"Ndi zomwe ndinkafuna kunena tsiku lija," anatero Verónica. M'mawu ake munalibe chipongwe, ndipo zimenezo zinamupweteka Valentim kuposa kutukwanidwa.

Anamufunsa chifukwa chake sanalimbikire, chifukwa chake sanaitane munthu wina wodziwa kuwerenga kuti adzachitire umboni. Verónica anati anaona mmene ababa ake anamugwirira Arcanjo paphewa, ndipo chibadwire anali asanaonepo zimenezo. Anati manota ake onse a 17 ndi 18 anawapeza atakhuta, ndipo amene ankamukhutitsa ndi amene ali ndi inki yofiira. Sakanatha kudya thukuta la mlongo wake kenaka n'kumuvula pamaso pa makolo. Anatinso Arcanjo anabwera kwa iye kawiri akufuna kukaulula, koma iye anamuletsa, namuuza kuti akabwereze kalasiyo mwakachetechete, akhoza.

Valentim anamuuza kuti atsike m'galimotomo, adikire pasiteji, iye akubwera. Kumbuyo kunkamveka wothandiza dalaivala akuitanira anthu a ku Tete, akuti kwatsala malo a munthu mmodzi.

"Ndikatsika ine, ababa, akwera ndani?"

Funsolo linali loona: mmodzi wa ana awiriwo anayenerabe kusiya sukulu. Nkhokwe inali yomweyo, njinga inali yomweyo, ndipo kudziwa kuwerenga kaderneta sikunawonjezere ufa ndi chikho chimodzi chomwe. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano ankadziwa ana ake. Ankadziwanso kuti akazengereza pang'ono, mwana amene anazolowera kudzimana asankhanso kudzimana, ndipo galimoto inyamuka.

"Tsika, mwana wanga. Zinazo si zako, n'za ine."

Kunamveka kukangana, Rufina akudandaula, chitseko chikukhuluka, munthu wina akunena kuti atsitse chikwama cha buluu. Kenaka Rufina anabwerera pafoni n'kunena kuti mwana wanu uyo watsika, musadzandifunenso. Anadula.

Mvula inali itachepa. Galimoto ya ku Ulongwe inafika, ndipo Valentim anakweza matumba a mayi Lucrécia. Mayiwo anati popeza akupita komweko, akamupeza Verónica pasiteji n'kukhala naye mpaka bambo ake afike pa njinga. Anamulangiza kuti akapite yekha kwa mphunzitsi wa kalasi, atenge munthu womasulira ngati Chipwitikizi chikumuvuta, akafunse ngati pali njira yothandizira mtsikana wotere, komanso za kubwereza kwa mnyamata. Sanamulonjeze kanthu. Anangoti mphunzitsi amene amalemba ndemanga yaitali choncho ndi munthu woti ungalankhule naye.

Asanakwere, anatembenuka n'kumufunsa chimene akamuuze Arcanjo. Anati mnyamatayo akangoona mlongo wake akubwerera adziwa kuti zaululika, ndipo ana a msinkhu umenewo manyazi amawathawitsa pakhomo.

Valentim anali akumanga zingwe zake pakaliyala ya njinga. Anali munthu amene sanapepesepo kwa mwana, monganso bambo ake sanapepesepo kwa iye, ndipo kumudzi kwawo zimenezo sizinkamveka n'komwe. Anamaliza mfundo, nayang'ana mayiwo.

"Ndikamuuza kuti sukulu ya chaka chamawa mwina palibe, ndipo sindimunamiza," anatero. "Koma ndisananene zimenezo ndikamupeza kudimba komweko, ndikavule chipewa. Mwana uja wakhala akudyetsa ana anga."